ROE yakwera kuchoka pa 20 kufika pa 25, nanga bwanji ndalama sizikuoneka?

Funso lochokera kwa mayi wa bizinesi ku Kasungu: "Tili ndi kampani ya pabanja yogulitsa simenti, malata ndi zipangizo zomangira. Akauntanti wathu wati ROE yathu yakwera kuchoka pa 20 peresenti mu 2023 kufika pa 25 peresenti mu 2024, ndiye achimwene anga akufuna tikatengenso ngongole ya K150 miliyoni popeza zinthu zikuyenda. Koma ine ku akaunti ya kubanki sindikuonako ndalama, ndipo mapeto a mwezi timavutika kulipira. Ndakutumizirani mabuku a zaka ziwirizi. Kodi 25 ameneyu ndimukhulupirire?"

Mayi, akauntanti wanu sanalakwitse masamu. ROE ndi phindu la chaka poyerekeza ndi mpamba wa eni bizinesi, ndipo phindu la K70 miliyoni pa mpamba wa eni wa K280 miliyoni ndi 25 peresenti ndithu. Koma nambala imeneyi imabadwa kuchokera ku zinthu zitatu, ndipo m'mabuku anu ziwiri mwa zitatuzo zatsika, chimodzi chokha ndicho chakwera, ndipo chokweracho ndi ngongole. Mtima wanu ukukuuzani zoona, ndipo ndikufuna mufike poona nokha pamene zalembedwa kuti mukathe kukambirana ndi achimwene anu mapepala ali pa thebulo.

Pa sipuredishiti kapena m'lipoti la akauntanti, kagawidwe kake mudzakapeza motere:

```
ROE = (Net profit / Sales) x (Sales / Assets) x (Assets / Equity)
```

Gawo loyamba likufunsa kuti pa K100 iliyonse imene mwagulitsa, mwatsala ndi zingati mutalipira zonse, msonkho ndi chiwongoladzanja zomwe. Lachiwiri likufunsa kuti K1 iliyonse ya chuma cha bizinesi, kaya ndi sitoko, lole, nyumba, ndalama za kubanki kapena ngongole zimene anthu ali nazo kwa inu, yabweretsa malonda ochuluka bwanji pa chaka. Lachitatu likufunsa kuti chuma chonsecho ndi chachikulu kangati poyerekeza ndi mpamba wa eni ake. Chikakhala 1, palibe ngongole iliyonse. Chikakhala 2, theka la zonse zimene zili m'bizinesi ndi za anthu ena. Mukachulukitsa magawo atatuwa, malonda amafafanizana, chuma chimafafanizana, n'kutsala phindu pamwamba pa mpamba, komwe ndi kumene tinayambira. Kugawaku sikusintha yankho, kumangoonetsa kumene lachokera.

Tiyambe ndi 2023. Munagulitsa katundu wa K600 miliyoni n'kutsala ndi K48 miliyoni, ndiye kuti K8 pa K100 iliyonse. Chuma cha bizinesi chinali K300 miliyoni, choncho chinazungulira kawiri pa chaka. Mpamba wanu unali K240 miliyoni, ndipo 300 kugawa ndi 240 ndi 1.25. Chulukitsani 8 ndi 2 ndi 1.25, mupeza 20. Iyi inali bizinesi yoima pa miyendo yakeyake, ngongole zake zonse zinali K60 miliyoni basi, za ku makampani amene mumapikulako.

Mu 2024 malonda anafika pa K1,000 miliyoni ndipo phindu linali K70 miliyoni, K7 pa K100. Chuma chinakula kufika pa K700 miliyoni, ndiye chinangozungulira ka 1.43. Mpamba unafika pa K280 miliyoni, ndipo 700 kugawa ndi 280 ndi 2.5. Chulukitsani 7 ndi 1.43 ndi 2.5, mupeza 25.

Tsopano tsekani gawo lachitatu ndi chala, muone awiri oyambawo okha. Mu 2023 anali 8 kuchulukitsa ndi 2, zomwe ndi 16. Mu 2024 ndi 7 kuchulukitsa ndi 1.43, zomwe ndi 10. K100 iliyonse ya chuma inali kubala K16, tsopano ikubala K10. Mukanasiya mlingo wa ngongole pa 1.25 monga unalili, ROE ya 2024 ikanakhala 12.5. Kuchoka pa 12.5 kufika pa 25 ndi ntchito ya ndalama za anthu ena, pakuti ngongole zanu zachoka pa K60 miliyoni kufika pa K420 miliyoni.

Magawo awiri oyambawa ndi amene mwini njirayi anayamba nawo. Anali Donaldson Brown, wogwira ntchito ku kampani ya DuPont ya ku America, imene nthawi imeneyo inkadziwika ndi kupanga wonga ndi zophulitsira miyala. Cha m'ma 1914 anaonetsa kuti phindu pa chuma lingagawidwe pawiri, phindu la pa malonda ndi kuzungulira kwa chumacho, ndipo mu 1921 anapita nayo njirayi ku General Motors. Cholinga chake chinali kuona ngati mamanenjala akugwiritsa bwino ntchito zimene apatsidwa. Gawo la ngongole linadzawonjezedwa patapita zaka zambiri, anthu atayamba kuyang'ana kwambiri phindu la eni masheya. Ndimakonda kukumbukira mbiri imeneyi chifukwa imatisiyanitsira zinthu bwino: magawo awiri amanena za luso logula ndi kugulitsa, lachitatu limanena za amene waika ndalama. Munthu angathe kukweza lachitatu tsiku limodzi posayina fomu kubanki, koma awiri aja amakwera ndi thukuta.

Sindikunena kuti ngongole ndi yoipa. Achimwene anu akanena kuti bizinesi imakula ndi ndalama za anthu ena, akunena zoona. Funso ndi lakuti ngongoleyo ikukupatsani zingati ndipo ikukulandani zingati, ndipo apa fomulayi ili ndi msampha umene anthu ambiri amagweramo. Poiona imaoneka ngati magawo atatuwa ndi odziimira paokha, ngati mungakweze lachitatu ena aja n'kukhala momwemo. Sizitero. Ngongole ya kubanki imakweza gawo lachitatu, koma chiwongoladzanja chake chimadya gawo loyamba. Imapindulitsa eni bizinesi pokhapokha ngati chuma chimene yagula chikubala kuposa chiwongoladzanjacho.

Kuti tiyeze zimenezi, tibwerere m'mbuyo kuchokera pa phindu lanu. K70 miliyoni yatsala mutalipira msonkho wa kampani wa 30 peresenti, ndiye phindu msonkho usanachotsedwe linali K100 miliyoni. Mabuku akuonetsa kuti banki munailipira K40 miliyoni ya chiwongoladzanja ndi mafizi. Choncho bizinesi payokha, banki ndi MRA asanatengepo zawo, inapanga K140 miliyoni. Pa chuma cha K700 miliyoni, ameneyu ndi 20 peresenti. Ngongole yanu ya kubanki ya K250 miliyoni ili pa 30 peresenti. Mukubwereka pa 30 kuti mukapange 20.

Mufunsa kuti nanga ROE inakwera bwanji ngati zili choncho. Pali zifukwa ziwiri, ndipo zonse ndi zosakhalitsa. Choyamba, pa K420 miliyoni ija, K170 miliyoni ndi ya makampani amene anakupatsani simenti ndi malata kuti mudzalipire pambuyo. Imeneyo ilibe chiwongoladzanja cholembedwa, ndiye imakweza gawo lachitatu osagunda loyamba. Ndi ngongole yokoma kwambiri kufikira tsiku limene adzanene kuti lole siituluka pageti mpaka mulipire kaye zakale, kapena adzakuchotsereni kuchotsera mtengo kumene amapatsa olipira pompopompo. Chachiwiri ndicho chachikulu. Ngongole ya kubanki munatenga mu Juni, ndiye 2024 inangosenza chiwongoladzanja cha miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi. Chaka chathunthu, K250 miliyoni pa 30 peresenti ndi K75 miliyoni, osati K40 miliyoni.

Tiyese kuti chaka chotsatira chiyende ndendende ngati 2024, malonda omwewo, mitengo yomweyo, ndipo ngongoleyo isanayambe kuchepa kwenikweni. Pa K140 miliyoni chotsani K75 miliyoni, mwatsala ndi K65 miliyoni. Chotsani msonkho, mwatsala ndi K45.5 miliyoni. Pa mpamba wa K280 miliyoni, ROE yagwera pa 16, pansi pa 20 amene munali naye musanabwereke tambala kubanki. Palibe chimene chalakwika m'shopu, ndi kalendala yokha imene yatembenuka. Ndiye malonda atatsikako ndi K100 miliyoni chifukwa dzinja lavuta kapena fodya sanayende bwino, ndipo tinene kuti pa K100 iliyonse imene mwagulitsa, K25 ndi imene mwaika pamwamba pa mtengo wopikulira, mwataya K25 miliyoni ina. Chiwongoladzanja sichitsika chifukwa chakuti malonda atsika. Mwatsala ndi K40 miliyoni, msonkho utachoka K28 miliyoni, ROE ya 10. Malonda atsika ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, koma phindu la eni latsika ndi pafupifupi magawo anayi mwa khumi. Umu ndi mmene gawo lachitatu limagwirira ntchito: limachulukitsa zabwino ndi zoipa mofanana.

Pali mfundo imodzi imene achimwene anu angakuyankheni nayo, ndipo ndi yolemera moti musaikankhire kumbali. Anganene kuti ngati chiwongoladzanja chinagwira theka la chaka, chuma chatsopano nachonso chinagwira theka la chaka, choncho si chilungamo kugawa malonda a chaka chonse ndi chuma cha pa 31 Disembala. Akunena zoona. N'chifukwa chake odziwa ntchitoyi amakonda kutenga pakati pa chuma cha kumayambiriro ndi cha kumapeto kwa chaka. Kwa inu pakati pa 300 ndi 700 ndi 500. Tikatero chuma chazungulira kawiri monga kale, ndipo K140 miliyoni ija ndi 28 peresenti, osati 20. Chithunzi chafewa ndithu. Komabe 28 akadali pansi pa 30, ndipo chaka chatsopano simukuchiyamba ndi 500, mukuchiyamba ndi 700 yonse ili pamsana.

Mkangano umenewu sufunika kukokana, ungathe ndi buku la malonda. Kuti mupezenso K70 miliyoni mutalipira chiwongoladzanja cha K75 miliyoni, bizinesi iyenera kupanga K175 miliyoni banki ndi msonkho zisanachotsedwe. Mu 2024 munkapanga K14 pa K100 pa mlingo umenewu, ndiye mukufunika malonda a K1,250 miliyoni pa chaka, kapena K104 miliyoni pa mwezi. Tengani malonda a kuyambira Julaye mpaka Disembala muone ngati anafika pamenepo, koma mukumbukire kuti imeneyo ndi miyezi imene anthu amamanga kwambiri, alimi atagulitsa ndipo mvula isanabwere. Januwale ndi Febuluwale sangafanane nayo. Chofunika ndi kuyerekeza mwezi uliwonse ndi mwezi womwewo wa chaka chatha, ndipo muwerenge matumba a simenti ndi malata, osati makwacha okha.

Ndikutsindika za matumba chifukwa cha zimene zinachitikira kwacha. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo chaka cha 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi 30 peresenti kapena kupitirira kwa miyezi yambiri. Malonda anu akwera ndi 67 peresenti m'makwacha, koma gawo lalikulu la kukwerako ndi mtengo chabe. Izi zimasokoneza magawo awiri oyamba aja, ndipo zonse zimasokoneza mokometsera. Sitoko imene munagula pa mtengo wakale n'kuigulitsa pa mtengo watsopano inatupitsa phindu la miyezi yoyamba ya 2024, koma phindu limenelo si lanu kuti mudye, chifukwa mukabwerera kukapikula mupeza mtengo watsopano ukukudikirani. Ndiye kuti K7 pa K100 uja mwina ndi wokwera kale kuposa mmene adzakhalire sitoko yakale itatha. Nyumba ndi magalimoto nazo zimakhala m'mabuku pa mtengo wa chaka chimene munagula, pamene malonda ali pa mtengo wa lero, choncho chuma chimaoneka ngati chikuzungulira msanga kuposa zenizeni. Ndipo pali funso lowawa limene ROE siifunsa yokha: mu 2024, pamene mitengo inkakwera ndi 30 peresenti, ndipo chiwongoladzanja chotsogolera cha Reserve Bank of Malawi chinali pa 26 peresenti, phindu la 25 peresenti pa mpamba silinasunge n'komwe mphamvu ya mpambawo. K280 miliyoni ya kumapeto kwa 2024 igula matumba ochepa kuposa amene K240 miliyoni inkagula chaka chimodzi m'mbuyomo.

Tsopano za ndalama zimene simukuziona. ROE siiwerenga ndalama za m'manja. Imawerenga phindu, ndipo phindu limalembedwa tsiku limene katundu watuluka, kaya wogula walipira kapena ayi. Yankho lanu lili m'gawo lachiwiri lija, ndipo muyenera kulitsegula muone zamkati. Pa K400 miliyoni imene chuma chakula, mabuku anu akuonetsa kuti K220 miliyoni ili mu sitoko, K100 miliyoni ili kwa anthu amene anatenga katundu pangongole, ndipo K80 miliyoni ili mu lole ndi nyumba yosungiramo katundu. Ku akaunti ya kubanki sikunapite kanthu. Ngongole za makasitomala zachoka pa K30 miliyoni kufika pa K130 miliyoni. Mukagawa ndi malonda n'kuchulukitsa ndi masiku 365, mupeza kuti kale ndalama zinkabwera pakatha masiku 18, tsopano zikutenga masiku 47. Mwabwereka kubanki pa 30 peresenti n'kukabwereketsa makontirakitala kwaulere. K100 miliyoni yowonjezerayo ikukudyerani K30 miliyoni pa chaka.

Pitani m'nyumba yosungiramo katunduyo ndi mndandanda wa sitoko m'manja. Simenti ndi malata zimatuluka zokha, vuto silikhala pamenepo kawirikawiri. Yang'anani kumashelefu a kumbuyo, zitini za penti za mtundu umene palibe akuufuna, mabokosi a matailosi amene fumbi lakuta mpaka zolemba sizikuoneka, maloko ndi mipope imene inabwera mu Julaye ndipo katoni yake sinatsegulidwe. M'mabuku zonsezi zili pa mtengo wake wonse ngati chuma. Ndipo ngati pali matumba a simenti amene auma chifukwa cha chinyezi koma akuwerengedwabe, ndiye kuti chuma, phindu ndi mpamba zonse zatupa ndi mtengo wa matumbawo. Pa katundu aliyense lembani tsiku limene anagulitsidwa komaliza. Chimene chatha miyezi isanu ndi umodzi osasuntha, chigulitseni ngakhale pa mtengo wopikulira, chifukwa kuchisunga chaka china kukudyerani 30 peresenti. Ndikudziwa kuti ambiri amasunga sitoko dala poopa kugwa kwa kwacha, ndipo pa katundu woyenda msanga nzeru imeneyo nthawi zina imalipira. Koma imalipira pokhapokha mtengo wa katunduyo ukakwera kuposa chiwongoladzanja, ndiponso katunduyo akagulidwadi.

Musadere nkhawa kwambiri kuti K7 pa K100 ndi wochepa. Bizinesi yogulitsa katundu wa ena siikhala ndi phindu lalikulu pa malonda. Walmart, sitolo yaikulu kwambiri ya ku America, imatsala ndi madola awiri kapena atatu pa 100 iliyonse, koma chuma chake chimazungulira kopitirira kawiri pa chaka. Hotela kapena kampani ya mafoni ndi zosiyana, chuma chake n'cholemera ndipo chimazungulira pang'onopang'ono, ndiye imadalira phindu lalikulu pa malonda. Banki nayo gawo lake lachitatu limakhala lalikulu mwachibadwa chifukwa ndalama za osungitsa ndi ngongole kwa iyo. Choncho mukamaona malipoti a makampani a pa Malawi Stock Exchange, musayerekeze 2.5 wanu ndi wa banki n'kudzitonthoza. Bizinesi yanu moyo wake uli pa kuzungulira kwa chuma, ndipo ndi pomwepo pamene pafooka.

Chinthu china choti mufunse akauntanti, poti ndi kampani ya pabanja. Pa K70 miliyoni ya phindu, mpamba unangokwera ndi K40 miliyoni, kusonyeza kuti K30 miliyoni inatengedwa ndi eni. Palibe cholakwa pamenepo, koma dziwani kuti kutapa ndalama kumachepetsa mpamba, ndipo mpamba ukachepa ROE imakwera bizinesi isanachite chilichonse chabwino. Mutatapa K140 miliyoni n'kuibweza ndi ngongole, pepala lingaonetse nambala yokongola kwambiri pa bizinesi imene ili pafupi kugwa. Funsaninso ngati inu ndi achimwene anu mumalandira malipiro olembedwa m'mabuku, komanso ngati kampani imalipira lendi pa malo a banja amene ikugwiritsa ntchito. Ngati ayi, gawo lina la K70 miliyoni si phindu la mpamba, ndi malipiro anu ndi lendi zimene sizinalembedwe.

Za K150 miliyoni yatsopano, masamu ake ndi aafupi. Pa 30 peresenti idzafuna K45 miliyoni pa chaka. Chuma chimene munawonjezera mu 2024 chinakweza phindu la bizinesi, banki ndi msonkho zisanachotsedwe, kuchoka pa K69 miliyoni mu 2023 kufika pa K140 miliyoni, ndiye K71 miliyoni pa K400 miliyoni, pafupifupi 18 peresenti, kukwera kwa mitengo kuli momwemo. Ndalama zatsopano zitabala 20 peresenti zidzabweretsa K30 miliyoni, mudzaonjezerapo K15 miliyoni ya m'thumba chaka chilichonse. Gawo lachitatu lidzakwera kupitirira 3, ndipo chiwongoladzanja chonse chidzafika pa K120 miliyoni pa phindu la K170 miliyoni. Ine sindingasayine. Ndingasinthe maganizo pokhapokha achimwene anu atabweretsa oda yeniyeni, ya wogula wodziwika kuti amalipira, imene ndalama zake zidzabwera m'miyezi iwiri kapena itatu ndi phindu loposa chiwongoladzanja cha miyezi imeneyo, ndipo ngongoleyo ikhale ya oda yomweyo basi.

K150 miliyoni imene akuifuna ili kale m'bizinesi mwanu. Mukabweza masiku olipira a makasitomala kuchoka pa 47 kufika pa 25, mutolera pafupifupi K60 miliyoni. Mukachepetsa sitoko ndi K90 miliyoni, mwakwanitsa. Mutaipereka kubanki, ngongole itsika kufika pa K100 miliyoni ndipo chiwongoladzanja chikhala K30 miliyoni. Chuma chikhala K550 miliyoni. Malonda atakhala omwewo, mutsala ndi K110 miliyoni msonkho usanachoke, K77 miliyoni utachoka. Magawo atatu aja akhala 7.7, 1.82 ndi 1.96, ndipo ROE ikhala 27.5. Muwerengereko kuti makontirakitala ena adzathawira kwa amene akupatsabe ngongole, ndiponso kuti sitoko yogona idzagulitsidwa motchipa, choncho chaka choyamba nambala idzatsikirapo. Musanapereke ndalamayo, werengani kalata ya ngongole muone ngati banki imalipiritsa chindapusa pobweza nthawi isanakwane, ndipo muuze akauntanti kuti kuyambira tsopano azikupatsani magawo atatuwa miyezi itatu iliyonse, pamodzi ndi mndandanda wa amene ali ndi ngongole zopitirira masiku 60.